Ntchito yoyamba ya zamaakaunti: ifufuzeni pakutha pa mwezi

Loweruka lina mwana wa mchemwali wanga anandipeza kunyumba atanyamula makalata awiri. Anali atangomaliza dipuloma ya ICAM, bungwe la maakauntanti a kuno ku Malawi, ndipo mwayi unamugwera pawiri. Kampani ina yayikulu yogulitsa katundu wapikulitsa ku Limbe inkamufuna kuti akhale kalaliki wa zamaakaunti. Ina, yaing'ono, yosunga mabuku a mabizinesi a anthu ena, inkamufunanso, koma malipiro ake anali otsikirapo ndithu. "Amalume, apa palinso chofunsa ngati? Ndalama zili ku Limbe," anatero. Ndinamuuza kuti mwina n'zoona, koma ayambe wandiyankha kuti pa tsiku lomaliza la mwezi azidzagwira chiyani kumeneko. Sanadziwe. Kalata sinanene, ndipo pa intaviyu sanafunse.

Ndagwira ntchito ya maakaunti zaka zambiri, ndalembapo makalaliki, ndipo ena ndawaona akukalamba pampando umodzi. Chimene chimasiyanitsa ntchito yokulitsa munthu ndi yomukwirira, pa ntchito yathuyi, si dzina la udindo kapena kukongola kwa ofesi. Ndi kutha kwa mwezi.

Ntchito ya maakaunti imayenda mozungulira. Mwezi wonse mumalandira mainvoisi ndi malisiti, n'kumalowetsa mu kompyuta. Mwezi ukatha mabuku amatsekedwa: buku la ndalama limayerekezedwa ndi sitetimenti ya kubanki, ngongole za makasitomala ndi za ogulitsa katundu zimatsimikizidwa, malipiro a antchito amawerengedwa, misonkho imakonzedwa. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25. Kenako abwana amalandira lipoti losonyeza ngati kampani yapindula kapena yaluza. Nzeru zonse za ntchitoyi zili m'masiku otseka mabukuwo. Kulowetsa mainvoisi munthu amakudziwa pa masabata awiri, ndipo chaka chachisanu amakuchita chimodzimodzi ngati chaka choyamba, kungoti zala zafulumira.

Tione chitsanzo chaching'ono. Buku la ndalama likuti kubanki kuli K4,820,000, pomwe sitetimenti ikuti K5,165,000. Zasiyana ndi K345,000. Kalaliki wongolowetsa mainvoisi saiona n'komwe nkhaniyi, imathera pa desiki ya wina. Kalaliki amene wapatsidwa kuti aifufuze amayamba wasakasaka K345,000 pa sitetimenti, osaipeza, chifukwa kulibe. Atatuluka thukuta amazindikira kuti pali zinthu ziwiri zokokerana kosiyana: kasitomala wina anaika yekha K400,000 ku akaunti osauza aliyense, ndipo banki inadula K55,000 yake imene sinalembedwe m'buku. Mukawonjezera yoyambayo n'kuchotsa yachiwiriyo, manambala akumana. Madzulo amodzi amenewo mwanayo waphunzira kuti kusiyana kumodzi kumatha kubisa zolakwika zingapo, waphunzira kuyimbira kasitomala, waphunziranso kulemba zokonza m'buku. Zimenezi ndi zimene adzafunsidwe pa intaviyu ya udindo wotsatira. Palibe amene adzamufunse kuti amalowetsa mainvoisi angati pa tsiku.

Ndiye funso loyamba pa intaviyu, akakupatsani mpata wofunsa, likhale losavuta: "Mukamatseka mabuku pakutha pa mwezi, gawo langa lidzakhala liti?" Mvetserani bwino yankho. Bwana amene amaphunzitsadi anthu amayankha motchula zinthu: miyezi itatu yoyamba mudzakhala pa mainvoisi, kenako tidzakupatsani akaunti imodzi ya kubanki, pakatha chaka muzidzakonza VAT ine n'kumaona. Amene alibe nanu pulani amati "tizidzaona mmene mukugwirira" kapena "kuno timathandizana zonse". Mawu achiwiriwa ndi okoma, koma kawirikawiri amatanthauza kuti mudzatumidwanso kukagula mayunitsi a magetsi.

Funso limeneli lili ndi mnzake: ntchito yanga azidzaiona ndani? Apa ndichedwepo, chifukwa achinyamata ambiri amaganiza kuti kusayang'aniridwa ndi ufulu. Ine ntchito yanga yoyamba ndinali ndekha mu ofesi ya maakaunti pa kampani ina yaing'ono. Mwini wake ankandikhulupirira kwambiri, ndipo ndinkadzimva kuti ndine akauntanti weniweni. Zaka ziwiri ndinkalemba katundu wokhalitsa, monga makompyuta ndi mipando, ngati ndalama zongowonongedwa mwezi womwewo. Panalibe wondiuza. Anadzanditulukira ndi maodita, ndipo manyazi amene ndinachita tsiku limenelo ndimawakumbukirabe. Munthu amene ntchito yake siibwezedwa ndi cholembera chofiira sakuphunzira, akungokhwimitsa zolakwa zake.

Pali chifukwa chinanso chimene chimakhudza mapepala anu. Amene akufuna kudzakhala membala wa ACCA, bungwe la maakauntanti a m'mayiko osiyanasiyana, samaliza ndi mayeso okha. Amafunika miyezi 36 ya ntchito yogwirizana ndi maphunzirowo, ndiponso kuti akauntanti wovomerezeka amene amaidziwa ntchito yake asayinire kuti wakwaniritsa zolinga zisanu ndi zinayi za luso. Ngati pamwamba panu palibe munthu wotero, ndipo palibenso wakunja, monga odita wa kampaniyo, amene angavomere kutsatira ntchito yanu, mukhoza kukhoza mayeso onse n'kutsala opanda wokusayinirani. Funsani mosabisa ngati amene adzakuyang'anireni ali membala wa ICAM kapena ACCA. Amene ali membala sakhumudwa nalo funsoli, amasangalala kuyankha.

Tsopano za kukwezedwa. Apa musamvere malonjezo, werengani mipando. Mphwangayo nditamutuma kukafufuza, anapeza kuti ku kampani ya ku Limbe kuli makalaliki asanu ndi mmodzi, akauntanti mmodzi, ndi mkulu wa zachuma amene ndi m'bale wa eni kampani. Akauntantiyo wakhala pamenepo zaka zoposa khumi ndipo sakuoneka kuti akupita kulikonse. Ndiye kuti anthu asanu ndi mmodzi akudikira mpando umodzi umene mwini wake sangakwere, poti pamwamba pake n'pa banja. Sindikunena kuti eni kampaniwo ndi oipa. Bizinesi ndi yawo, ndipo ambiri amalipira pa nthawi yake. Kungoti makwerero ake ali ndi masitepe awiri basi, ndipo lachiwirilo lili ndi munthu.

Njira yachidule yodziwira zonsezi ndi kufunsa za amene munalowa m'malo mwake. Anapita kuti? Ngati anakwezedwa ndipo ali mu ofesi momwemo, ndiye umboni woyenda ndi miyendo. Ngati anachoka n'kukapeza udindo wokulirapo kwina, n'zabwinonso, chifukwa zikusonyeza kuti zimene anaphunzira pamenepo zimagulika kunja. Ngati akuuzani kuti pampandopo padutsa anthu anayi pa zaka ziwiri ndipo "ana a masiku ano safuna ntchito", dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mayankho enieni nthawi zambiri sachokera m'chipinda cha intaviyu. Mlonda wa pageti, dalaivala, mayi wophika tiyi, amadziwa amene anakwezedwa, amene anachoka akulira, ndi mwezi umene malipiro anachedwa. Fikani msanga, apatseni moni mwaulemu, chezani nawo.

Kampani yaing'ono ija inali ndi zovuta zake, ndisakunamizeni. Malipiro otsika, ntchito yofika usiku masiku a misonkho akayandikira, ndipo ofesi yake inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo. Koma kalaliki aliyense ankapatsidwa makasitomala ake angapo n'kumawasungira mabuku kuyambira pa lisiti mpaka pa lipoti la chaka, pa mapulogalamu odziwika a Sage ndi QuickBooks, ndipo mwini wake ankaona fayilo iliyonse isanatuluke. Ku Limbe kuja ankagwiritsa ntchito pulogalamu imene wina anawapangira iwo okha, ndipo kalaliki ankaloledwa kutsegula tsamba limodzi lokha la mainvoisi. Luso la pulogalamu yoteroyo limathera pageti. Yesani kulemba m'maganizo mzere umene mudzawonjezere pa CV pakatha chaka. Ngati ukutuluka wakuti "ndinkalowetsa mainvoisi" basi, mwaona kale mathero ake.

Mapepala a ntchito nawonso amaulula khalidwe la olemba ntchito. Lamulo la zantchito la 2000 limalola nthawi yoyesedwa, imene timati pulobeshoni, koma yosapitirira miyezi 12. Kampani imene imangowonjezera pulobeshoni popanda kukuuzani chimene mwalephera, kapena imene ili ndi anthu otchedwa "ophunzira ntchito" chaka chachitatu, sikuphunzitsa aliyense, ikungopeza antchito otchipa. Funsaninso za penshoni: lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Amene amazemba zimenezi n'zokayikitsa kuti adzakulipirirani mayeso. Ndipo poti olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVET, si mwano kufunsa kuti chaka chathachi anatumiza ndani kukaphunzira, nanga anakaphunzira chiyani. Masiku opuma okonzekera mayeso, ngati alonjeza, alembedwe m'kalata. Lonjezo la pakamwa limachoka limodzi ndi bwana amene analinena.

Pali malire ake pa zonse ndanenazi. Munthu amene akulipira lendi, thiransipoti ya minibasi kawiri pa tsiku ndi fizi ya mng'ono wake sangadye maphunziro. Ngati kusiyana kwa malipiro ndi kumene kukupangitsa kuti mugone ndi njala kapena ayi, tengani ya ndalama zambiriyo, palibe wokuweruzani. Koma ilandireni mukudziwa chimene ili, ndipo dziikireni tsiku. Ine ndimati miyezi 18. Pa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba gwirani bwino zimene mwapatsidwa, kenako pitani kwa akauntanti mukapemphe chinthu chimodzi chotchulika: "Bwana, mwezi uno mundilole ndiyese ine kuyerekeza akaunti yaing'ono ija ndi sitetimenti, inu mudzangoona." Ambiri amavomera, poti mukuwapeputsira katundu. Akakana kamodzi, mwina ndi kutanganidwa. Akakana katatu, kapena mukaona kuti amatseka chitseko pochita ntchito imeneyo, ndiye kuti akuteteza mpando wake, ndipo pamenepo simudzaphunzirapo kanthu ngakhale mutakhala zaka khumi.

Mphwangayo anasankha ku Limbe, chifukwa mayi ake ankafunika thandizo mwezi womwewo. Tinalemba tsiku pa kalendala ya kukhitchini. Mwezi wachisanu ndi chiwiri anapempha akaunti ya ndalama zapafoni, imene aliyense ankaithawa chifukwa cha timalipiro tambirimbiri, ndipo anamupatsa. Anandiyimbira usiku wina cha m'ma 9 koloko, manambala atasiyana ndi K18,000. Ndinamufunsa ngati waona kale ndalama zimene kampani ya foni imadula pa malipiro alionse. Anati ayi, n'kudula foni.