Mwana akapsa ndi madzi otentha: mphindi 20 za madzi ozizira

Mwana wa chaka chimodzi ndi theka wakoka kapu ya tiyi patebulo, tiyiyo n'kumukhuthukira pachifuwa ndi pamkono. Kapuyo mwina inali itakhala kale mphindi khumi, koma khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa la munthu wamkulu, choncho chakumwa chimene inu mukumwa bwinobwino chingathe kumuwotcha mpaka mkati.

Choyamba, muvuleni msanga chovala chonyowacho, pamodzi ndi thewera ngati lanyowa. Nsalu imasunga kutentha ndipo imapitiriza kuwotcha khungu, pomwe thewera limamwa madzi otenthawo n'kuwasunga pamalo osalimba. Chotsaninso chibangili kapena chilichonse chothina pamkono malowo asanatupe. Koma ngati nsalu yamatirira pabala, musaikoke. Dulani ndi lumo mozungulira, yomatirirayo muisiye.

Kenako thirani madzi ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20 zathunthu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amathira mphindi ziwiri, mwana akulira, n'kuleka. Kutentha kumene kwalowa m'khungu kumapitiriza kuwononga ngakhale tiyi atachoka, ndipo madzi ndi amene amaletsa bala la pamwamba kusanduka lakuya. Yang'anani wotchi, chifukwa mwana akamalira mphindi zisanu zimaoneka ngati ola. Madzi a pampopi oyenda pang'onopang'ono ndi abwino. Ngati palibe mpopi, tungani madzi oyera ndi kapu muzithira mosalekeza. Ngakhale mwachedwa, madzi amathandizabe mkati mwa maola atatu kuchokera pamene mwana wapsa.

Madziwo akhale ozizira wamba, osati oundana. Ayisi amafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, magazi osafika pamalo ovulalawo, bala n'kukula. Kumbukiraninso kuti thupi la mwana limazizidwa msanga. Ziziritsani bala lokha, thupi lonselo mulifunde bulangeti, ndipo musamuviike mwana yense m'beseni. Akayamba kunjenjemera kwambiri kapena kufooka, lekani kuthira, mumufunde, muthamangire naye kuchipatala.

Tsopano za zopakapaka. Mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, batala, dzira laiwisi, ufa, phulusa: palibe chimodzi mwa izi chimene chimachiza bala la moto. Mafuta amatsekereza kutentha m'khungu. Dzira ndi phulusa zimalowetsa tizilombo pamalo amene khungu silikutetezanso. Mankhwala otsukira mano amanyenga chifukwa amamveka kuzizira, koma amauma n'kumata pabala, ndipo kuchipatala amayenera kuwachotsa kaye kuti aone kuya kwa balalo, mwana n'kumva ululu kachiwiri. Amene amapaka amachita chifukwa cha chikondi, koma wovutika ndi mwana.

Matuza musawaboole. Khungu la pamwamba pa thuza ndi chotchinga choyera chimene thupi ladzipangira. Mukatha kuthira madzi, phimbani balalo ndi pulasitiki yopyapyala yokulungira chakudya, moiyala pamwamba, osakulunga mothina chifukwa malowo atupa. Pankhope musaikepo pulasitiki. Ikasowa, nsalu yoyera yopanda ubweya ikwanira. Thonje ayi, limamatirira pabala. Mupatseni parasetamolo wa ana pa mlingo wolingana ndi msinkhu kapena kulemera kwake monga zalembedwera pabotolo, ndipo ngati akuyamwa apitirize kuyamwa.

Nanga mudziwa bwanji kuti ndi za kuchipatala? Yezani ndi dzanja la mwanayo, osati lanu. Chikhatho chake pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake lonse. Bala lokula kuposa dzanja lake likaonedwe tsiku lomwelo, ndipo mwana wathu wa tiyi uja, amene wapsa pachifuwa ndi pamkono, wapitirira kale muyesowu. Pitaninso ngati wapsa kumaso, pakhosi, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizira mafupa, ngakhale bala likhale laling'ono, chifukwa chipsera cha malo amenewa chimakoka khungu, zala kapena chigongono n'kulephera kuwongoka. Khanda losakwana chaka lipite kuchipatala mulimonsemo.

Chenjerani ndi bala looneka loyera, lotuwa kapena lakuda, louma ngati chikopa, limene mwana sakulira mukalikhudza. Kusapwetekako si chizindikiro chabwino. Kumatanthauza kuti mitsempha yomvera ululu yapsa, ndipo bala lotero silipola bwino lokha.

Bala laling'ono limene mukulisamalira kunyumba muziliyang'ana tsiku lililonse. Likayamba kutulutsa mafinya, kununkha, kufiira kukamafalikira m'mbali, kapena mwana akatentha thupi, kusanza, kutuluka zidzolo kapena kukana kudya, musadikire kuti kuche. Likatha milungu iwiri lisanapole, ndi lakuya kuposa mmene linkaonekera, ndipo dokotala alione.