Kutseka mafoni ndi mauthenga pamene mpira wa pa foni uli mkati: mafunso ndi mayankho

Ndili ndi Samsung. Ndidine pati kuti anthu asandidule masewero?

Tsegulani kaye gemuyo, tinene eFootball kapena Free Fire. Kokani chala kuchokera m'mphepete mwa sikirini kuti mabatani oyendetsera foni aoneke, ndipo pambali pawo muona kachizindikiro ka Game Booster. Mukakadina mupeza Priority mode. Mukayatsa imeneyi, foni imatsekereza oyimba ndi mauthenga onse, kupatulako alamu yokha. Yatsani musanalowe m'bwalo, pamene gemu ikadali pa tsamba loyamba, chifukwa kusakasaka mabatani mpira utayamba n'kudzichinyitsa nokha.

Pa Xiaomi ndi Redmi zomwezi zili mu Game Turbo, m'kati mwa apu ya Security. Pa Tecno ndi Infinix fufuzani mawu akuti Game mu Settings, ndipo onetsetsani kuti gemu yanu mwaiwonjezera pa mndandanda. Gemu imene siili pa mndandandawo foni imaitenga ngati apu wamba, siiteteza.

Ndayatsa zonse, koma wina akayimba gemu imaumabe. Chalakwika n'chiyani?

Apa ndi pamene pamasokonekera ambiri. Kuti foni isalire ndi nkhani ina, kuti netiweki isadodome ndi nkhani inanso. Game mode, kutanthauza zoteteza gemu zimene mwayatsa zija, imalamulira zimene mukuona ndi kumva. Zimene zikuchitika pakati pa simu ndi nsanja ya netiweki ilibe nazo mphamvu.

Taganizani za munthu amene ali ndi masimu awiri, bandulo ili pa TNM pamene achibale amamuyimbira pa Airtel. Mafoni ambiri a masimu awiri amagwiritsa ntchito wayilesi imodzi mosinthana. Mlongo wake akayimba pa Airtel, wayilesi ija imatembenukira ku simu imeneyo, ndipo intaneti ya pa TNM imaima kwa kanthawi ngakhale foni sinalire. Masekondi ochepa amenewo ndi okwanira kuti wosewera aume pakati pa bwalo, mwinanso kutulutsidwa kumene.

Wa simu imodzi nayenso sapulumuka ngati foni yake ilibe VoLTE, yomwe imalola kuyankhulana kudutsa pa 4G. Popanda iyo, munthu akayimba foni imatsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G kuti ilandire woyimbayo.

Kuti mudziwe ngati vuto lanu ndi limeneli, pemphani mnzanu akuyimbireni muli pa gemu, maso anu ali pamwamba pa sikirini. Chizindikiro cha 4G chikasanduka H, 3G kapena E, kaya kuzimiririka, mwaligwira.

Ndiye ndichite bwanji?

Zimitsani simu imene ilibe bandulo mpaka masewero athe. Pa Samsung zili mu Settings, Connections, SIM manager. Kenako onani pa Mobile networks ngati pali batani la VoLTE ndipo liyatseni, podziwa kuti limagwira pokhapokha foni ndi kampani ya netiweki zonse zikuvomereza. Ngati mukusewera pa WiFi kapena MiFi, njira yosalephera ndi kuyatsa Airplane mode kenako n'kuyatsanso WiFi yokha. Pamenepo woyimba pa layini amva kuti simukupezeka. Oyimba pa WhatsApp okha ndi amene angadutse, ndipo amenewo game mode imawatsekereza ngati mauthenga ena onse.

Nanga kunyumba kukagwa zadzidzidzi?

Funso limeneli ine ndimalilemekeza kwambiri. Ngati muli ndi wodwala kapena mwana kusukulu, musayatse Airplane mode kapena Priority mode. Gwiritsani ntchito Do not disturb, yomwe imalola kusankha anthu. Ikani amayi, akazi anu kapena aphunzitsi pa mndandanda wa Favourites, ndipo lolani okhawo kudutsa. Muyatsenso Repeat callers: munthu akayimba kachiwiri pasanathe mphindi 15, foni imalira. Auzeni achibale za lamuloli kuti adziwe kubwereza. Mpira umodzi mutha kuluza, inde, koma uthenga wa kuchipatala ukupezani.

Pa iPhone pali Game Mode. Imeneyo siyokwanira?

Ayi. Game Mode imene inabwera ndi iOS 18 m'chaka cha 2024 ntchito yake ndi kupatsa gemu mphamvu zambiri za foni. Yotsekereza anthu ndi Focus. Lowani mu Settings, Focus, dinani + ndi kusankha Gaming, kenako ikani anthu ololedwa. Mungaiuzenso kuti izidziyatsa yokha mukatsegula gemu inayake. Kumeneko woyimba mobwereza amadutsa ngati wayimbanso pasanathe mphindi 3, bola mwayatsa Allow Repeated Calls.

Mauthenga amene anabwera ndikusewera atayika?

Satayika, mudzawapeza mukatuluka. Chofunika kukumbukira ndi simu ija munazimitsa: siidziyatsa yokha, ndipo mameseji a Airtel Money kapena Mpamba a pa nambala imeneyo safika mpaka mutaiyatsa.