Invoisi payokha si chifukwa cholipilira

"Katundu tinapereka, invoisi tinasiya, ndiye a akawunti akungokhalira ndalama zathu, eti?"

Ayi achimwene, nthawi zambiri vuto sikhala ulesi, ndi mapepala atatu amene sakugwirizana. Tinene kuti bungwe lina ku Nsanje likufuna matumba 200 a chimanga othandizira anthu amene madzi osefukira awaonongera minda. Woyang'anira ntchitoyo amalemba rikwizishoni, limeneli ndi pempho la mkati chabe, si oda, ndipo wogulitsa amene wanyamula katundu chifukwa chongouzidwa pafoni kuti "pempho lasainidwa" wadziika yekha pamoto. Oda yeniyeni ndi LPO, chikalata chimene bungwe limapereka kwa wogulitsa, chokhala ndi nambala, kuchuluka kwa katundu komanso mtengo umene mwagwirizana.

Lole ikafika kumalo osungira katundu a bungwelo, wosunga katundu amawerenga n'kulemba GRN, chikalata chosonyeza zomwe walandiradi. Apa ndi pamene nkhani imagona. Mwa matumba 200 aja, 8 anyowa pa msewu wochokera ku Bangula ndipo awakana, GRN ikuti 192, koma invoisi yanu ikunenabe 200. Wa akawunti akaika LPO, GRN ndi invoisi pamodzi amaona kuti mtengo uli bwino koma nambala ya matumba yasiyana, basi invoisi imaima pompo, ngakhale mutaimba foni kakhumi, ndipo iyeyo sangangosintha manambala ndi cholembera chifukwa ma odita adzamufunsa.

Chochita n'chosavuta, bweretsani matumba 8 otsalawo alembe GRN ina, kapena perekani kirediti noti yochotsa mtengo wake. Ndipo pa invoisi musaiwale kulemba nambala ya LPO.