Mwala wa Rosetta sunali dikishonale

Nthawi zonse ndikaphunzitsa za zilembo za Aiguputo akale, sipalephera munthu wonena kuti: “Zimenezo n’zosavuta. Anatola mwala wokhala ndi Chigiriki, n’kuyerekeza mizere, basi n’kuyamba kuwerenga.” Wina amawonjezera kuti Aiguputowo ankangojambula zithunzi, ndiye ukaona mbalame udziwe kuti akunena mbalame. Mawu awiriwa ndatopa nawo, ndipo achiwiriwo ndi omwe anatseka maso a anthu ophunzira kwa zaka zoposa 1,400. Mwalawo unapezeka mu 1799, koma zilembozo zinayamba kuwerengeka mu 1822. Zikanakhala zongoyerekeza mizere, akatswiri a ku Ulaya akanataya zaka 23 akuchita chiyani?

Asilikali a Napoleon ndi amene anaupeza mu Julaye 1799, akukonza linga lakale pafupi ndi tauni ya Rashid, yomwe Azungu ankaitchula kuti Rosetta, kufupi ndi komwe Nailo amathira m’nyanja. Afalansa atagonja mu 1801, Angelezi anautenga, ndipo kuyambira 1802 uli ku British Museum mumzinda wa London. Zolembedwapo si zinsinsi ayi. Ndi chigamulo cha ansembe omwe anasonkhana ku Memphis m’chaka cha 196 Yesu asanabadwe, choyamikira mfumu yachinyamata Ptolemy wachisanu chifukwa chochepetsa misonkho ndi kupereka mphatso ku akachisi. Chigamulocho chinalembedwa katatu: pamwamba m’zilembo zopatulika zooneka ngati zithunzi, pakati m’kalembedwe ka tsiku ndi tsiku kotchedwa Chidemotiki, pansi m’Chigiriki. Chigirikicho chinawerengedwa mosavuta, ndipo kumapeto kwake chimanena chokha kuti uthengawu ulembedwe m’kalembedwe ka mitundu itatuyi.

Vuto ndi lakuti mwalawo ndi chibenthu. Chigiriki chili ndi mizere 54, Chidemotiki 32, koma gawo lapamwamba, lomwe aliyense ankalilakalaka, latsala ndi mizere 14 yokha, yonse yoduka m’mbali, ndipo mizereyo ikufanana ndi chakumapeto kwa Chigiriki komwe nakonso kona inathyoka. Komanso zinenero ziwirizi sizisanja mawu mofanana. Simungaike chala pa mawu achisanu m’Chigiriki n’kunena kuti chithunzi chachisanu ndi chomwecho.

Munthu womaliza amene tikudziwa kuti analemba zilembo zopatulikazi anazokota pakachisi wa pachilumba cha Philae mu Ogasiti 394. Akachisi atatsekedwa, luso linapita ndi ansembe. Chomwe chinatsala ndi buku la munthu wotchedwa Horapollo, lomwe linatulukira ku Ulaya cha m’ma 1420. Bukulo linali loopsa chifukwa linkalondola theka. Linkati tsekwe amatanthauza mwana wamwamuna chifukwa tsekwe amakonda kwambiri ana ake, ndipo kalulu amatanthauza kutsegula chifukwa kalulu satseka maso. Matanthauzowo ndi oona, zifukwazo n’zopeka. Chizindikiro cha mbalameyo chimamveka “sa”, ndipo mawu oti mwana wamwamuna m’Chiiguputo ankamveka chimodzimodzi. Kalulu amaimira maliwu awiri, w ndi n, omwe alinso m’mawu oti kutsegula. Zili ngati munthu ajambule mtengo wa mango pofuna kulemba mtengo wa shuga m’golosale. Wodziwa Chichewa amva msanga, koma mlendo akhala chaka akufufuza ubale wa mango ndi shuga.

Amene amandipweteka mtima mpaka lero ndi wansembe wa Chijezuiti Athanasius Kircher, yemwe ankagwira ntchito ku Roma m’zaka za m’ma 1600. Bamboyu sanali mbuli. Anaphunzira Chikoputiki, chinenero cha mapemphero cha Akhristu a ku Iguputo, anasindikiza galamala yake, ndipo ananena molondola kuti chinachokera ku chinenero cha Afarao. Kiyi anali naye m’manja. Koma poti anakhulupirira kuti chithunzi chilichonse ndi phukusi la nzeru zobisika, sanalabadire kwenikweni maliwu. Pachipilala china cha ku Roma pali kagulu ka zizindikiro komwe kamangonena dzina la Farao Apries. Kircher anatulutsamo chiganizo chachitali chokhudza madalitso a Osiris, miyambo yopatulika ndi madzi a Nailo. Kumutsutsa kunali kovuta, chifukwa kumasulira kotere kulibe poti n’kukuyesera. Mabuku ake akuluakulu anawerengedwa ndi kulemekezedwa, ndipo zinatenganso zaka zoposa 150 kuti munthu aphatikize Chikoputiki ndi zithunzizo moyenera.

Mwala wa Rosetta unabweretsa chinthu chimodzi chomwe Kircher analibe, ndicho poyesera. Mayina a anthu satanthauziridwa, amangolembedwa mmene amamvekera. Mu 1802, Silvestre de Sacy wa ku Falansa ndi Johan David Åkerblad wa ku Sweden anapeza mayina angapo m’gawo la Chidemotiki. Kenako dokotala wa ku Mangalande, Thomas Young, anayang’ana zizindikiro zozunguliridwa ndi mkombero wooneka ngati chingwe, zomwe ena anali ataganiza kale kuti ndi mayina a mafumu. Anasonyeza kuti mkombero wa pamwalawo ndi dzina la Ptolemy, anapeza molondola maliwu a zizindikiro zingapo, n’kusindikiza zimenezi mu 1819. Koma anaima pomwepo. Iye ankaganiza kuti Aiguputo ankalemba maliwu pa mayina achilendo okha, monga a mafumu Achigiriki, ndipo zina zonse zinali zithunzi za maganizo.

Jean-François Champollion, yemwe anabadwa mu 1790, anali ataphunzira Chikoputiki kuyambira ali mnyamata. Cha kumapeto kwa 1821 anachita chinthu chimene aliyense akanatha kuchita: anawerenga. Anapeza kuti mawu Achigiriki 486 akuyenderana ndi zizindikiro 1,419. Ngati chithunzi chimodzi chikanakhala ganizo limodzi, zithunzi sizikanachuluka pafupifupi katatu kuposa mawu.

Apa ndi pomwe ndimafuna ophunzira anga atsegule maso, chifukwa mwalawo pawokha sukanamaliza ntchito. Dzina la mfumu lomwe linatsala m’mikombero ya pamwalawo ndi limodzi lokha, ndipo ndi dzina limodzi mutha kupatsa zizindikiro maliwu aliwonse omwe mukufuna. Panafunika dzina lachiwiri. Linachokera pachipilala cha ku Philae chomwe William Bankes anapititsa ku Mangalande, chomwe tsinde lake lili ndi Chigiriki chotchula Ptolemaios ndi Kleopatra. Champollion analandira chojambula chake kumayambiriro kwa 1822.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Mumkombero wa Ptolemaios muli zizindikiro izi motsatana: kabokosi, kabuledi kooneka ngati theka la bwalo, chingwe cha msampha, mkango wogona, kachizindikiro kopyapyala kopindika, mabango awiri, ndi nsalu yopinda. Ngati izi ndi p, t, o, l, m, i, s, ndiye kuti dzina la Kleopatra liyenera kumvera lamulo lomweli. L ali pachiwiri m’dzinalo, choncho mkango ukhale pachiwiri. Ulipodi. O ali pachinayi, ndipo chingwe chija chili pachinayi. P ali pachisanu, kabokosi kali pachisanu. A akupezeka kawiri, pachisanu ndi chimodzi ndi pachisanu ndi chinayi, ndipo m’malo onse awiriwo muli mbalame imodzimodzi, muimba. M ndi s mulibe m’dzina la Kleopatra, ndipo zizindikiro zake mulibenso. Chimodzi chokha chinakana: pamalo a t panali dzanja, osati kabuledi. Munthu wopupuluma akanataya zonse kapena kubisa chovutacho. Champollion anaganiza kuti liwu limodzi likhoza kulembedwa ndi zizindikiro ziwiri, ndipo anakayesa ganizoli pa mayina ena monga Alexandros ndi Berenike, mpaka pa maudindo a mafumu a Roma. Linagwira.

Komabe onsewa anali mayina achilendo, ndiye Young akanatha kukhalabe wolondola. Pa 14 Sepitembala 1822, Champollion ankayang’ana zojambula zomwe katswiri wa zomangamanga Jean-Nicolas Huyot anakopera pa akachisi a ku Iguputo, kuphatikizapo wa Abu Simbel, womangidwa zaka pafupifupi 1,000 Agiriki asanalamulire dzikolo. Mumkombero wina munali bwalo la dzuwa, chizindikiro chosadziwika chooneka ngati zikopa zitatu zomangidwa pamodzi, ndi nsalu zopinda ziwiri. Nsaluzo ankazidziwa kale: s, s. Dzuwa m’Chikoputiki ndi “re”. Ndiye Re, chinachake, s, s. Mkombero wina unali ndi mbalame ya mulungu Thoth, chizindikiro chosadziwika chomwe chija, ndi s. Mayina a Ramesses ndi Thutmose ankadziwika kuchokera m’mndandanda wa mafumu wolembedwa m’Chigiriki. Ndipo apa mwala wa Rosetta unabwereranso: chizindikiro cha zikopacho chili pamalo pomwe Chigiriki chikunena za tsiku lobadwa la mfumu, pomwe kubala m’Chikoputiki ndi “mise”. Mboni zitatu zosadziwana zinanena chimodzi. Aiguputo ankalemba maliwu a chinenero chawo kuyambira kale, akusakaniza ndi zizindikiro zoimira mawu athunthu, nthawi zina m’dzina limodzi lomwelo. Pa 27 Sepitembala zotsatira zake zinawerengedwa pamaso pa akatswiri ku Paris, ndipo mu 1824 anafotokoza dongosolo lonse.

Sanalondole zonse. Chizindikiro cha zikopa chija iye ankachiwerenga ngati m yekha, pomwe chimaimira m ndi s pamodzi. Anamwalira mu 1832 ali ndi zaka 41, ndipo anali Richard Lepsius wa ku Jeremani amene mu 1837 anaonetsa bwino kuti zizindikiro zambiri zimanyamula maliwu awiri kapena atatu. Okayikira analipobe mpaka 1866, pomwe ku Tanis kunapezeka mwala wina wa zinenero ziwiri, wathunthu, wa chigamulo cha ku Canopus. Zomwe akatswiri anawerenga m’zithunzi zake zinagwirizana ndi Chigiriki chake.

Chondidetsa nkhawa n’chakuti ana a Kircher sanathe. Amayenda m’mafoni athu ndi mavidiyo oti pakhoma lakuti pali ulosi wa masiku otsiriza, kapena ndege, kapena umboni woti Afarao ankalankhula chinenero chathu chifukwa mawu awiri akumveka mofanana. Musawatumizire ena, ndipo musagule timabuku tawo. Aiguputo sankalemba mavawelo, choncho katchulidwe komwe mumamva, monga “nefer”, n’kongothandiza lilime la akatswiri, ndipo kufanana kwake ndi mawu a kwathu sikutsimikiza kanthu. Wina akakuuzani kuti wawerenga chinsinsi, mufunseni kuti zolembazo zili pakhoma liti, mzere uti, ndipo akuuzeni liwu la chizindikiro chilichonse. Kenako mupatseni mzere wina womwe sanaukonzekere, muone ngati mkango uja ukadali l.