Foni yati ola limodzi, inu mwafika patadutsa awiri: nthawi yofikira imawerengedwa bwanji?

Ntchito yanga ndi yokonza maulendo a galimoto zonyamula katundu pakati pa Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe. Tsiku lililonse ndimayenera kuuza munthu wina kuti matumba ake a kachewere afika nthawi yanji, ndipo funso lomwe ndimalimva kawirikawiri kwa eni katundu ndi lakuti, "Bwanji Google Maps ikuti ola limodzi, inu mukuti ola ndi theka?" Foniyo sikuti ikunama ayi. Ikuyankha funso losiyana ndi lomwe inu mukufunsa.

Tiyambe ndi momwe nambala ija imapezekera. Pulogalamu ya mapu siiona msewu wa M1 ngati chingwe chimodzi. Imaudula tizidutswatizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi kutalika kwake komanso liwiro lomwe galimoto zimayenda pamenepo. Ikagawa kutalika ndi liwiro imapeza mphindi za kachidutswako, kenaka n'kuphatikiza zonse. Basi, nthawi yofikira ndi imeneyo.

Kuchoka pa boma la Dedza kukafika pa boma la Ntcheu ndi pafupifupi makilomita 75. Tiyerekeze kuti makilomita 70 ndi msewu wopanda chotchinga, woyenda makilomita 80 pa ola. Amenewo atenga mphindi pafupifupi 53. Makilomita 5 otsalawo ndi a m'matauni ang'onoang'ono momwe mumatsika kufika pa 50, ndipo atenga mphindi 6. Zonse pamodzi ndi mphindi 59. Ola lija lachokera pamenepo.

Nanga liwirolo foni imalidziwa bwanji? Mbali ina imalitenga ku mtundu wa msewu ndi malire a liwiro olembedwa m'mapu. Mbali ina imachokera ku mafoni a anthu omwe anadutsa pamenepo masiku am'mbuyo pa nthawi ngati yomweyo. Yachitatu ndi mafoni omwe ali pamsewupo pakadali pano, omwe eni ake anayatsa GPS ndi data. Mafoni ambiri akamakwawa pamalo amodzi, mzere wa pa mapu umasintha mtundu, kuchoka kobiriwira kupita kofiira, ndipo mphindi zimawonjezereka.

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ife a kuno. Aliyense wodutsa pa Lizulu tsiku la msika akudziwa momwe zimakhalira: makabichi ndi tomato zaunjikidwa mpaka m'mphepete mwa phula, minibasi yaima theka lake lili mumsewu, anyamata akuthamangira pa zenera ndi mabeseni a karoti, wa kabaza akuwoloka ndi thumba lopingasa. Makilomita 2 omwe akanatenga mphindi ziwiri ndi theka mumawayenda pa liwiro la makilomita 10 pa ola, ndipo amadya mphindi 12. Mphindi 10 zapita pamalo amodzi. Koma kuti foni idziwe zimenezi, pafunika mafoni okwanira otumiza uthenga. Ku Lilongwe alipo ambiri. Pa Lizulu, ambiri mwa anthu ali m'galimoto zija data anazimitsa kuti bandulo isathe, ndipo netiweki nayo imadukaduka. Mafoni akachepa, pulogalamu imabwerera ku liwiro la masiku wamba. Choncho mukaona mzere wopanda mtundu wofiira musafulumire kunena kuti msewu uli bwino. Nthawi zina zimangotanthauza kuti palibe wauza foniyo kanthu.

Chimodzimodzinso mukatsitsiratu mapu kuti muziwagwiritsa ntchito popanda data. Njira idzakulozerani bwinobwino, koma za kuchuluka kwa galimoto siidzadziwa ngakhale pang'ono.

Kutsekeka kwa msewu ndiye kumavuta koposa. Foni ilibe maso. Lole ikagwa n'kupingasa msewu, kapena madzi akakokolola kalavati nthawi ya dzinja, kawirikawiri pulogalamu imadziwa pokhapokha wina atapereka uthenga kuti msewu watsekeka, ndipo uthengawo utavomerezedwa. Zisanatero, imangoona mafoni ataima, n'kumayesa kuti ndi mzere woti usuntha posachedwa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Mwaima, ndipo foni ikuti mufika 10:15. Pakadutsa mphindi zisanu ikuti 10:20, kenaka 10:25. Mphindi zotsala sizikuchepa, nthawi yofikira ikungothawa. Zikatero siyani kuyang'ana foni, muyang'ane mbali inayo ya msewu. Ngati kwa mphindi khumi palibe galimoto yochokera kutsogolo, msewu watsekeka, ndipo nambala ya pa foniyo ilibenso ntchito.

Uthenga ukafika, pulogalamu imachotsa kachidutswa kaja m'masamu ake n'kufunafuna njira ina. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Dzinja lina dalaivala wathu anapeza msewu utatsekeka, foni n'kumupatsa njira yozungulira ya makilomita 12 yodutsa m'midzi, yoti atenga mphindi 18. Masamu amenewo akutanthauza liwiro la makilomita 40 pa ola. Msewuwo unali wafumbi, mvula itagwa usiku wonse, dothi lofiira lija likuterera ngati sopo. Ndi lole yodzaza sakanapitirira makilomita 20 pa ola, ndiye kuti mphindi 36 zikanakhala kuti zonse zayenda bwino. Sizinayende bwino. Anatitimira pa dambo, ndipo anatulutsidwa ndi anyamata a m'mudzimo dzuwa litapendeka. Kuyambira pamenepo lamulo langa kwa madalaivala ndi lakuti, foni ikakupatsani njira yochoka pa phula, gawani makilomita ndi mphindi kuti muone liwiro lomwe ikuyembekeza, kenaka mufunse wa kabaza wa pamalopo ngati galimoto ngati yanuyo yadutsako lero. Ngakhale njira zaphula zotsikira ku M5, monga ya ku Golomoti yokhotakhota m'phiri ija, si zoti lole yolemedwa n'kuziyenda pa liwiro la galimoto yaing'ono.

Zimenezi zikutifikitsa pa tizithunzi tili pamwamba pa mapu tija, ka galimoto ndi ka munthu woyenda pansi. Mukasankha ka galimoto, foni imawerengera galimoto yaing'ono yosaima paliponse. Siidziwa kuti muli mu lole yomwe pokwera zitunda za ku Bembeke imachita kubuula. Lole yoyenda makilomita 50 pa ola, mukaphatikiza zitunda ndi zitsetse, imatenga mphindi 90 pa makilomita 75 aja. Ola ndi theka langa lija ndi limeneli. Siidziwanso kuti muli mu minibasi yomwe idikira kudzaza pa depoti, n'kumaima siteji iliyonse. Minibasi ikaima kakhumi, mphindi zitatuzitatu, ndi mphindi 30 zomwe sizili m'masamu a foni, osawerengera pa rodibuloko pomwe apolisi angatsitse katundu. Ka munthu woyenda pansi kamawerengera pafupifupi makilomita 5 pa ola, liwiro la munthu wopanda mtolo pamutu kapena mwana kumsana.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti dalaivala akaona nthawi ikuthawa amaponda mafuta kuti aibweze. Masamu ake sakumuvomereza. Pa makilomita 75, kuyenda 90 m'malo mwa 80 kumapulumutsa mphindi 6 zokha, pa msewu womwe m'mbali mwake muli ana asukulu, njinga ndi mbuzi. N'chifukwa chake mwini katundu akandifunsa, ndimatenga nambala ya foni ngati poyambira chabe. Ikati mphindi 60, ya lole ndimalemba 90, tsiku la msika ndimawonjezera 10, ndipo kukakhala chifunga cha m'mawa cha ku Dedza kuno ndimamuuza kuti ndimuimbira dalaivala akadutsa pa Lizulu.