Zaka 40 za GMRES ndi mkangano woyambiranso

Chaka cha 2026 chikukwanitsa zaka 40 chilembere Yousef Saad ndi Martin Schultz pepala lawo la GMRES, njira ya pa kompyuta yopezera yankho la masamu a zosadziwika zambiri mobwerezabwereza, koma funso limodzi likadali lotentha: kodi tisunge mavekitala onse, kapena tiziyambiranso?

Gwero lake lili mu 1952, pamene Hestenes ndi Stiefel anatulutsa njira ya conjugate gradient, mwachidule CG, yothetsera Ax = b, ndiko kuti kupeza x pamene matrikisi A ndi vekitala b zikudziwika. CG imasunga mavekitala ochepa chabe ngakhale ibwereze kangati, koma imafuna kuti matrikisi A akhale wa simetiriki komanso pozitivu definiti. Kwa zaka zambiri akatswiri ankasakasaka njira yopepuka chomwecho ya matrikisi wosakhala simetiriki.

Kwa ine mutu wa nkhani ndi 1984. Chaka chimenecho Vance Faber ndi Thomas Manteuffel anatsimikiza kuti, kupatula mitundu yochepa kwambiri ya matrikisi, njira yotereyi kulibe. Ukafuna yankho labwino koposa pa sitepe iliyonse, uyenera kukumbukira zonse za m'mbuyo. Choncho GMRES ya 1986 inangovomereza mtengowo. Imagwiritsa ntchito njira ya Arnoldi ya 1951: sitepe iliyonse imabala vekitala yatsopano, yomwe amaiyeretsa poifananiza ndi zakale zonse, kenako n'kusankha x amene chotsalira chake, b − Ax, ndi chaching'ono koposa.

Mtengowo ndi wowerengeka. Tikakhala ndi zosadziwika 1 miliyoni, iliyonse ya mabayiti 8, vekitala imodzi imadya 8 MB. Pofika sitepe ya 500 tadya pafupifupi 4 GB, ndipo sitepe iliyonse ikuchedwa kuposa yapitayo. N'chifukwa chake Saad ndi Schultz anaperekanso GMRES(m): ukafika masitepe m, taya mavekitala, yambiranso pa yankho lomwe wafikapo. Pa m = 30, monga pulogalamu ya masamu ya PETSc imayambira, tikusunga pafupifupi 250 MB basi.

Otsutsa kuyambiranso ali ndi umboni wolimba. Tengani A wa mizere (0, 1) ndi (−1, 0), b = (1, 1), poyambira ziro. Ab ndi (1, −1), yomwe yapingasa b kotheratu, motero GMRES(1) siisuntha n'komwe, ingayambirenso kangati. GMRES yathunthu imamaliza pa masitepe awiri. Chizindikiro cha vutoli ndi chotsalira chomwe changoima kuzungulira kulikonse. Mu 2003 Mark Embree anasonyezanso matrikisi wa 3 × 3 pomwe GMRES(1) imafika pa yankho koma GMRES(2) imakakamira, kutanthauza kuti kukweza m si mankhwala otsimikizika.

Umboniwu ndi woona, komabe zitsanzozi ndi zazing'ono ndipo anachita kuzisankha kuti zionetse vuto. Chotsimikizika n'chakuti gawo la simetiriki la A likakhala pozitivu definiti, GMRES(m) imafika pa yankho pa m aliyense. Ndipo munthu amene memore yamuthera sindingamuimbe mlandu poyambiranso. Ronald Morgan anamumvetsa: njira yake ya GMRES-DR ya 2002 siitaya zonse poyambiranso, imasungako mavekitala ochepa oyandikira maaigenivekitala a maaigenivalyu aang'ono, amene kawirikawiri ndiwo amachedwetsa ntchito.