Mnzanu akathawa lendi, ngongole yonse ikhoza kugwera inu

Anthu atatu akapeza nyumba ku Manchester kapena ku Leeds n'kusaina pepala limodzi la lendi, aliyense amatuluka mu ofesi ya ejenti akuganiza kuti wadzimangirira ku chipinda chake chokha. Lendi ndi mapaundi 1,500 pa mwezi, ndiye aliyense 500, nkhani yatha. Koma 500 imeneyi nthawi zambiri siipezeka pena paliponse m'pepalalo. Imakhala pa gulu lawo la WhatsApp basi. Chimene chalembedwa ndi 1,500, mayina atatu, ndi mzere wina wonena kuti osainawo ndi "jointly and severally liable". Mzere umenewu ndi umene muyenera kuufufuza musanasaine, chifukwa ukunena kuti mwininyumba angathe kutenga ndalama zonse kwa onse pamodzi, kapena kwa mmodzi yekha amene iye wamusankha.

Ndikufotokoza za malamulo a ku England. Ku Scotland ndi ku Wales ali ndi malamulo awoawo a lendi, ndipo zina mwa zimene ndinene pano za kutuluka m'nyumba sizigwira ntchito kumeneko.

Amene anatengapo ngongole ya pagulu kumudzi sangadabwe nazo. Mmodzi akalephera kubweza, obwereketsa safunsa kuti ndalamazo anadya ndani, amangogwira gulu. Pa lendi ndi chimodzimodzi. M'maso mwa lamulo, anthu atatu aja si alendi atatu okhala ndi zipinda zitatu. Ndi mlendi mmodzi wa mitu itatu amene wabwereka nyumba yonse, ndipo aliyense ali ndi ufulu pa nyumba yonse komanso udindo pa lendi yonse.

Tiyerekeze kuti atatuwo ndi namwino, wophunzira wa ku yunivesite, ndi dalaivala wopereka katundu m'makomo. Anapereka dipoziti ya mapaundi 1,500, aliyense 500. Lamulo la 2019 limaletsa dipoziti kupitirira lendi ya masabata asanu pa nyumba zamtengo ngati uwu, ndiye apa mwininyumba sakanatha kupitirira mapaundi pafupifupi 1,730. Patapita nthawi dalaivala uja ntchito yamuthera, wasiya kulipira, kenaka wanyamula zikwama osatsanzika. Awiri otsalawo akupitiriza kutumiza 500 aliyense mokhulupirika. Pakutha pa miyezi inayi, buku la mwininyumba likuonetsa ngongole ya mapaundi 2,000. Bukulo silinena kuti dalaivala ali ndi ngongole. Limanena kuti nyumba nambala yakuti ili ndi ngongole. M'chipinda chimene anasiya, kapeti yapsa ndi simbi ndipo chitseko chathyoka, zokonza zake mapaundi 600. Zonse pamodzi 2,600.

Pangano likatha, mwininyumba amayamba ndi dipoziti. Dipoziti ya pangano limodzi imatengedwa ngati thumba limodzi, choncho 1,500 yonse imapita, kuphatikizapo 500 ya namwino amene sanaphonyepo mwezi, ndi 500 ya wophunzira amene sanalowepo m'chipinda chowonongekacho. Mabungwe osunga dipoziti amaweruza ngati mwininyumba ali ndi umboni wa zimene akufuna kudula, koma sakhala pansi kugawa kuti wolakwa pakati pa alendi ndani. Patsala 1,100.

Tsopano mwininyumba ayang'ana mayina atatu aja. Dalaivala sakudziwika kumene ali. Wophunzira alibe malipiro okhazikika. Namwino amalandira mwezi ndi mwezi, ndipo ejenti ali ndi mapepala ake a malipiro kuchokera tsiku lofunsira nyumba. Kalata ipita kwa namwino, ya 1,100 yonse. Lamulo silimukakamiza mwininyumba kuyamba wafunafuna wothawayo, kapena kugawa ngongoleyo pakati pa awiri otsalawo. Malire ake ndi amodzi: sangalandire ndalama zomwezo kawiri. Namwino akalipira, ngongoleyo yatha kwa onse.

Anthu ambiri akalandira kalata yotere amayankha ndi malisiti a ku banki osonyeza kuti gawo lawo analipira. Malisitiwo ndi ofunika, musawataye, koma sayankha mlandu wa mwininyumba. Ntchito yawo ili pa mlandu wina umene tifikepo. Choopsa kwambiri ndi kunyalanyaza makalata a khoti poganiza kuti "si ngongole yanga." Mukapanda kuyankha, khoti limagamula inu kulibe, ndipo chigamulo cha ngongole chimene sichinalipidwe mwezi umodzi usanathe chimakhala m'kaundula zaka zisanu ndi chimodzi. Eninyumba ena, mabanki ndi makampani a foni amachiona. Mwininyumba nayenso sathamanga: ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zoti akasumire lendi yotsalira, ndiye kalata ikhoza kukupezani mutasamukira kale mzinda wina.

Namwino sanatayiretu zonse. Amene walipira kuposa gawo lake ali ndi ufulu wofuna kuti anzake amubwezere. Iye wataya 500 ya dipoziti ndi 1,100, zonse 1,600. Wophunzira wataya 500. Dalaivala ndiye ali ndi ngongole ya 2,100 kwa awiriwa, popeza 500 yake ya dipoziti inalowa kale pa 2,600 ija. Angamusumire kudzera mu njira ya milandu ing'onoing'ono, imene ku England imalandira ndalama zosapitirira mapaundi 10,000 ndipo munthu amatha kudziyankhulira popanda loya. Apa ndi pamene malisiti aja ndi mauthenga a pa foni ogwirizana za 500 aliyense amakhala umboni. Kunena zoona, ufulu umenewu umaoneka bwino papepala kuposa m'thumba. Mufunika adiresi ya munthuyo, mulipira ndalama yotsegulira mlandu, ndipo kupambana sikubala ndalama ngati woluzayo alibe kanthu kapena wakwera ndege kubwerera kumudzi. Chimene mzere uja umachita kwenikweni ndi kuchotsa vuto lothamangitsa munthu wosalipira m'manja mwa mwininyumba n'kuliika m'manja mwanu.

Pali munthu wachinayi amene nthawi zambiri sadziwa kuti ali m'bwato lomweli. Wophunzira kapena munthu wongofika kumene amauzidwa kuti apeze womuimira, munthu wokhala m'dzikomo amene asaine kuti adzalipira mlendi akalephera. Amapita kwa amalume kapena azakhali, nati, "Amalume, mungondisainira, ine lendi sindingalephere." Amalume asaina akuganiza kuti akuimira 500 ya mphwawo. Koma ngati pepala lawo likunena kuti akuimira zonse zimene mphwawo walonjeza m'pangano, ndiye kuti akuimira 1,500 pa mwezi ndi chitseko chothyoledwa ndi munthu amene sanamuonepo. Mukapemphedwa kuimira wachibale, pemphani kuona pangano la lendi lenilenilo, ndipo uzani ejenti alembe kuti mukuimira gawo la munthu wanu lokha, ndi ndalama yake yotchulidwa. Ena amakana, koma ena amavomera, makamaka pamene mlendi aliyense wabweretsa womuimira wake.

Funso limene limabwera kenaka ndi loti munthu amatulukamo bwanji. Kusamuka sikuthetsa kanthu. Kubweza makiyi kwa anzanu sikuthetsa kanthu. Ngakhale kupeza munthu wolowa m'chipinda chanu n'kumapereka ndalama kwa anzanu sikuchotsa dzina lanu. Malinga ngati pangano lakale lilipo, amene anachoka ali ndi udindo pa lendi ya miyezi imene sanagonemo, ndipo wolowa m'malo uja alibe ngongole iliyonse kwa mwininyumba chifukwa sanasaine naye. Njira yoyenera ndi yoti mwininyumba, otsala, wochoka ndi wolowa onse asaine, kaya posamutsa pangano kupita ku mayina atsopano kaya pothetsa lakale n'kuyamba lina. Pa ntchito imeneyi lamulo la 2019 lija limalola ejenti kulipiritsa mapaundi 50, kupatula ngati angasonyeze kuti wawonongadi zoposa pamenepo. Onetsetsani kuti mayina asinthidwanso ku bungwe losunga dipoziti, ndipo nyumba ijambulidwe zithunzi tsiku losinthanalo, kuti wolowa asadzalipire kapeti imene anaipeza yopsa kale.

Njira ina ndi yakuthwa mbali zonse. Mu 1991 khoti lalikulu kwambiri la nthawi imeneyo ku Britain linagamula mlandu wa pakati pa bambo Monk ndi khonsolo ya Hammersmith ndi Fulham ya ku London. Bamboyu ndi mayi amene ankakhala naye anasaina limodzi pangano la nyumba ya khonsolo. Atayambana, mayiyo anachoka n'kupereka yekha chidziwitso chothetsa pangano, bamboyo osadziwa. Khoti linati pa pangano lopanda tsiku lothera, limene limangopitirira sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, chidziwitso cha mmodzi chimathetsa pangano la onse. Kale izi sizinkathandiza amene ali mkati mwa pangano la miyezi 6 kapena 12, chifukwa mmodzi sakanatha kulidula yekha nthawi isanakwane. Koma lamulo latsopano la alendi la 2025 linakonza kuti kuyambira pa 1 Meyi 2026 mapangano ambiri a eninyumba wamba ku England akhale ongopitirira, mlendi n'kumapereka chidziwitso cha miyezi iwiri.

Kwa namwino uja, izi zikutanthauza kuti sayenera kungoyang'ana ngongole ikukwera ndi 500 mwezi uliwonse. Angathe kulemba chidziwitso n'kuika malire pa zimene angadzalipire. Mtengo wake ndi woti wophunzira nayenso watha ufulu wokhala m'nyumbayo, pokhapokha mwininyumba atavomera kusaina naye pangano lina. Ndipo mpeni womwewo uli m'manja mwa dalaivala: kulikonse kumene ali, angathe kuthetsa pangano la anzake ndi kalata imodzi. Ndimalangiza kuti mwezi woyamba umene lendi yaperewera, otsalawo alembere mwininyumba, afotokoze zimene zachitika, ndipo apemphe chilolezo chobweretsa munthu wina mwalamulo. Eninyumba ambiri amakonda lendi yokwanira kuposa mlandu wa kukhoti, ndipo 500 ya mwezi umodzi n'njosavuta kukambirana kuposa 2,000.

Okhala ku South Africa adziwe kuti kumeneko poyambira ndi posiyana. Pangano likakhala chete, aliyense mwa osaina amayankha gawo lake lokha. N'chifukwa chake mapepala a lendi a ku Joni ndi ku Kepi amalemba dala mzere womangirira onse pa ngongole yonse, ndipo mukausaina zotsatira zake pa lendi zimafanana ndi za namwino uja.

Ngati mukusamukira pamodzi ndi anthu amene mwangodziwana nawo pa gulu lofunira nyumba, funsani ngati mwininyumba amabwereketsa chipinda chilichonse ndi pangano lakelake. Lendi ya chipinda chotere imakonda kukwererapo, ndipo simusankha amene alowe m'chipinda choyandikana nanu, koma mnzanu akathawa, 500 yosowayo ndi mutu wa mwininyumba.